Nsikidzi Zimasiya Umboni Pamsoko wa Matiresi

Munthu akadzuka m'mawa ndi totupa toyabwa pamkono, kawirikawiri amayamba ndi kuyang'anitsitsa khungu lake ndi kufunsa anzake kuti chamuluma n'chiyani. Wina amati ndi udzudzu, wina nthata, wina amanong'ona kuti mwina ndi mphere. Onsewa akungoyerekeza. Ngakhale dokotala wa matenda a pakhungu sangathe kulumbira kuti ichi ndi chilonda cha nsikidzi pongoona totupa, chifukwa totupato sitichokera ku mlomo wa kachiromboko ayi. Timabwera chifukwa thupi lanu likulimbana ndi malovu amene kanathira pakhungu poyamwa magazi, ndipo matupi athu salimbana nawo mofanana. Anthu awiri ogona bedi limodzi akhoza kulumidwa usiku umodzi, wina n'kudzuka ali zidzolo zokhazokha, mnzake khungu lili see. Apa m'pamene mabanja ambiri amasocherera. Mwamuna amati, "Zikanakhala nsikidzi bwenzi inenso zikundiluma," pamene zikumuluma ndithu, kungoti thupi lake silionetsa.

Choncho khungu limangopereka chikayikiro. Chotsimikiza chili pamalo pamene mumagona, ndipo poyambira ndi pamsoko wa matiresi.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva mukadziwa khalidwe la kachiromboka. Nsikidzi siuluka, sidumpha, ndipo sikhala pathupi la munthu monga zimachitira nsabwe. Imayenda ndi miyendo basi. Imatuluka usiku, makamaka pakati pa usiku mpaka mbandakucha, itakopeka ndi mpweya umene timapuma komanso kutentha kwa thupi. Imayamwa kwa mphindi 5 kufika 10, kenako imabwerera kobisala kukagaya chakudyacho kwa masiku angapo. Ikakhala ndi njala thupi lake ndi lophwatalala kwambiri, ndipo imakonda kadanga kothina kamene kamaikhudza kumsana ndi kumimba nthawi imodzi. Pafupi ndi munthu wogona, malo otero oyamba kupezeka ndi m'mphepete mwa matiresi, pamene nsalu ya pamwamba imakumana ndi ya m'mbali ndipo osoka anadutsitsapo kalamba kokhuthala. Pansi pa kalambako pali mdima, pali pofunda, ndipo chakudya chili pamtunda wa chikhatho chimodzi. Zikakhala zochepa, nsikidzi zimaunjikana pamenepo. Zikachuluka m'pamene zimafalikira m'ming'alu ya khoma, kuseri kwa zithunzi, m'mipando ndi m'zipinda zina.

Kusiyana kwa kuziona msanga ndi kuziona mochedwa kuli m'masamu a kuswana kwake. Nsikidzi yaikazi yokhuta bwino imaikira mazira pakati pa 1 ndi 5 patsiku. Mazirawo amaswa pakatha masiku 6 kufika 10. Kamwana kamafundula kasanu kasanakule, ndipo kuti kafundule kamayenera kuyamba kayamwa magazi. Kukakhala kotentha, ulendo wonsewu umatha m'masabata asanu kapena asanu ndi limodzi. Tiyerekeze kuti yaikazi imodzi yalowa m'nyumba m'chikwama ndipo ikuikira mazira awiri patsiku. Mwezi woyamba ukamatha yaikira mazira 60, koma ana ake onse akadali aang'ono, palibe amene wayamba kuswana, ndipo ambiri ali pangodya imodzi ya matiresi. Mukadikira mwezi wachiwiri, ana aakazi aja ayamba kuikira awo, aliyense payekha. Ntchito imene ikanatheka ndi burashi ndi madzi otentha Loweruka limodzi imasanduka nkhondo ya nyumba yonse.

Kufufuza kwake

Mufunika tochi, ngakhale ya pafoni, kakhadi kolimba monga ka kubanki kakale, kansalu koyera kapena thonje, madzi pang'ono, ndi kabotolo kotsekeka. Fufuzani masana, koma tochi muyatse ndithu, ndipo muziwalitsa chopendeketsa, kuwala kudutse mokwawa pansalu. Mukawalitsa molunjika kuchokera pamwamba, mazira ndi tiana toyera timabisika mu mtundu wa nsaluyo. Mukapendeketsa, chilichonse chotumphuka chimapanga kamthunzi.

Musayambe ndi kukutumula zofunda. Kukutumula kumamwaza nsikidzi pansi n'kufafaniza umboni. Vundukulani chofunda pang'onopang'ono, muyang'ane nsalu yoyala ndi chovala cha pilo, kenako muzipinde cham'kati n'kuziika m'thumba lapulasitiki kapena m'beseni. Pansalu yoyalayo mukhoza kuona timadontho ta magazi ta mtundu wa dzimbiri. Timeneti timabwera mukagonera nsikidzi yokhuta n'kuiphwanya, kapena bala likapitiriza kukha pang'ono itachoka. Koma dontho la magazi palokha si umboni wokwanira: udzudzu wophedwa ndi dzanja kapena chilonda chokanda chimasiyanso chimodzimodzi.

Tsopano pitani kumutu kwa bedi, mbali yotsamira khoma, chifukwa ndiko zimayambira nthawi zambiri. Gwirani kalamba ka msoko ndi chala chachikulu, mukapindire kunja kuti pansi pake paoneke, ndipo muziyenda pang'onopang'ono kuzungulira matiresi onse. Pangodya muime kaye, pakuti pamenepo nsalu imakwinyika n'kupanga timatumba. Lowetsani khadi lija m'kati mwa msoko n'kulikoka molitsata. Zimene zabisala mwakuya zimatuluka. Yang'anani pansi pa kansalu kolembedwa dzina la fakitale, m'mabatani ngati alipo, ndi m'mano a zipi. Mukamaliza pamwamba, imikani matiresi chammbali muone msoko wa pansi, umene anthu ambiri amauiwala ngakhale kuti ndi umene umakhala ndi zambiri. Ngati ndi matiresi asiponji ndipo nsalu yake inang'ambika, suzumirani m'kati mwa chong'ambikacho.

Chizindikiro chimene chimaoneka choyamba, nsikidzi yeniyeni musanaione, ndi zitosi zake. Popeza imadya magazi okha, chimbudzi chake ndi magazi ogayidwa, chamadzimadzi, chakuda bii kapena chakuda mofiirira. Pansalu chimalowerera n'kufalikira pang'ono m'mbali, ngati mwagunditsa nsonga ya cholembera chakuda pamalaya. Pathabwa kapena pachitsulo chimauma n'kukhala kadontho kotumphuka. Madonthowa sabalalika mwachisawawa: amakhala m'magulu, motsatira msoko, pafupi ndi pobisalira. Kuti mutsimikize, nyowetsani kansalu koyera mupukute pamenepo. Ngati ndi zitosi za nsikidzi, dontholo limasungunuka n'kusiya mkwasa wofiirira pakansaluko. Zitosi za mphemvu zazing'ono zimafanana nazo patali, koma izo nthawi zambiri ndi tinjere touma timene timachoka mukasesa ndi chala. Madontho a nkhungu pamatiresi amene ananyowapo sasungunuka motero, ndipo amakonda pakati pamene panali chinyezi, osati pamsoko.

Chachiwiri ndi makoko. Popeza nsikidzi iliyonse imafundula kasanu, makoko amachuluka kuposa nsikidzi zamoyo, ndipo sathawa tochi. Amakhala achikasu mowala, opepuka, a maonekedwe a nsikidzi yeniyeni koma m'kati mulibe kanthu. Mukapeza makoko a misinkhu yosiyanasiyana, aang'ono ndi aakulu, dziwani kuti zakhala pamenepo masabata angapo, si za dzulo.

Chachitatu ndi mazira. Dzira limatalika pafupifupi milimita imodzi, ndi loyera, lotalikirapo, ndipo mayi wake amalimata ndi ulimbo pansalu kapena pathabwa. Apa pali posiyanitsira pabwino: uzirani mpweya. Fumbi, nyenyeswa ndi mfundu za khungu zimauluka, dzira limatsala pomwepo. Loswa kale limaoneka lofota ndi lotseguka kumapeto.

Pomaliza, nsikidzi yeniyeniyo. Yaikulu imatalika mamilimita 5 kufika 7, ndi yofiirira, yozungulira motalikirako, yophwatalala ikakhala ndi njala, ndipo ikakhuta imafufuma n'kutalika. Tiana tongoswa kumene ndi pafupifupi milimita imodzi ndi theka, toyera moonekera m'kati, kotero kuti pamatiresi oyera simungatione mpaka titayamwa, pamene timasanduka kadontho kofiira koyenda. Tiana ta mphemvu timasokoneza anthu ambiri, koma ito tili ndi tinyanga titalitali ndipo timathamanga kwambiri. Mukagwira kachirombo kalikonse, musakafinye. Kaikeni m'kabotolo kapena kamateni ndi tepi yoonekera, kuti mukaonetse mlangizi wa zaumoyo kapena wopopera mankhwala.

Ambiri amatchula fungo, lija lonunkha motsekemera lomwe aliyense amene anaphwanyapo nsikidzi amalidziwa. Musalidikire. Chipinda chikafika pomveka fungolo, ndiye kuti nsikidzi zachuluka kale.

Msoko ukapezeka woyera musathere pomwepo. Bedi lamatabwa lili ndi malo ambiri kuposa matiresi: polumikizira miyendo, m'mabowo a misomali, pansi pa matabwa oyalapo matiresi. Neti yotetezera udzudzu nayonso ili ndi misoko, ndipo nsikidzi zimakonda ngodya zake zam'mwamba pamene pali zingwe, komanso m'munsi mmene mumaipisa pansi pa matiresi. Amene amagona pamphasa kapena pamkeka ayang'ane pakati pa mabango, m'mphepete mosokedwa, ndi m'ming'alu ya pansi ndi ya khoma pafupi ndi pogona.

Nkhani ya neti ikufunika mawu owonjezera, chifukwa m'madera ena a Malawi anthu akhala akukana maneti ndi mankhwala opopera m'nyumba ponena kuti amabweretsa nsikidzi. Zimene anthuwo amaona si zabodza, cholakwika ndi kumasulira kwake. Mankhwala a gulu la pyrethroid, amene amaikidwa m'maneti ambiri, amanyansa nsikidzi n'kuzitulutsa mobisala, ndipo m'maiko ambiri nsikidzi zinapima moti mankhwalawa saziphanso. Zotsatira zake, zimene zinali m'ming'alu zimayamba kuoneka poyera, zili moyo, ndipo paneti yoyera zimaoneka bwino kuposa pakhoma ladothi. Neti yatsopano yochokera m'paketi siibala nsikidzi. Ndipo kutaya neti chifukwa cha nsikidzi ndi malonda oluza: nsikidzi sizidziwika kuti zimafalitsa matenda kwa anthu, pamene udzudzu wa malungo umapha.

Kuwerenga khungu

Ngakhale khungu silipereka chigamulo, limathandiza kudziwa koyang'ana, bola mufunse mafunso oyenera. Funso lothandiza kwambiri si lakuti totupato tikuoneka bwanji, koma kuti tili pati pathupi.

Nsikidzi siikonda kukwawa pansi pa zovala. Imaluma malo amene anali pamtunda pogona: khosi, nkhope, mapewa, mikono, kumsana ngati munagona osavala malaya, ndi miyendo. Nthawi zambiri imaima pansalu n'kuluma khungu limene lagundana ndi nsaluyo, n'chifukwa chake totupa timakonda kundandalika pamzere kapena kuunjikana titatu tinayi pamalo amodzi. Mzerewo ndi chizindikiro chabwino, koma si lamulo. Nthata nazonso nthawi zina zimaluma motsatizana. Poluma simumva kanthu, chifukwa malovu ake ali ndi zoziziritsa ululu ndi zoletsa magazi kuundana. Kuyabwa kumadza pambuyo: kwa ena m'mawa mwake, kwa ena pakapita masiku angapo, ndipo kwa amene akulumidwa koyamba kukhoza kutenga mpaka masabata awiri. Kuchedwa kumeneku kumanamiza anthu. Munthu amagona kumalo ogona alendo Lolemba, totupa n'kutuluka Lachisanu ali kwawo, ndiye amayamba kukayikira bedi lake losalakwa.

Mabuku ambiri a zaumoyo amati totupa ta nsikidzi ndi tofiira. Mabukuwo analembedwa poyang'ana khungu loyera. Pakhungu lakuda kufiirako sikuoneka kwenikweni. Totupa timakhala ta mtundu wa khungu lomwelo kapena takuda kuposa pozungulira, ndipo timamveka bwino ndi chala kuposa ndi maso. Tikapola timasiya timabanga takuda timene timatha masabata kapena miyezi. Timabanga totere pamkono wa mwana, tina takale tina tatsopano, timasonyeza kuti kulumidwako kwakhala kukubwerezeka.

Udzudzu umaluma malo omwewo a pamtunda, n'chifukwa chake ndi umene umasokonezeka kwambiri ndi nsikidzi. Kusiyana kwake n'kwakuti chotupa cha udzudzu chimatuluka nthawi yomweyo, chofewa ndi chofufuma, chimayabwa pompopompo ndipo mwa anthu ambiri chimazilala tsiku limodzi kapena awiri. Chimakhala apa ndi apo, osati pamzere. Cha nsikidzi ndi cholimbirako ndipo chimatha sabata kapena kupitirira. Ngati mukugona mu neti yopanda chiboo, yopisidwa bwino, koma m'mawa uliwonse mukudzuka ndi totupa tatsopano pamalo amene sanagunde neti, mdaniyo ali m'kati mwa netimo pamodzi ndi inu.

Nthata zimakonda akakolo ndi m'miyendo munsi mwa mawondo, chifukwa zimadumpha kuchokera pansi, ndiponso m'chiuno mmene lamba kapena mpira wa chovala umathina. Totupa take ndi tating'ono, nthawi zambiri tili ndi kadontho pakati, ndipo zimaluma usana ndi usiku. Pakhomo pamakhala galu, mphaka kapena makoswe. Valani masokosi oyera muyendeyende m'chipindamo; ngati zilipo mudzaziona zitadumphira pamasokosipo. Utitiri nawo umabwera ndi nkhuku, makamaka ngati thadzi likufungatira m'nyumba, ndipo munthu amamva toyendayenda pathupi ngakhale masana.

Mphere ndi nkhani ina, ndipo kuisokoneza ndi nsikidzi kumawonongetsa nthawi, chifukwa kachirombo kake kali m'khungu mwenimwenimo ndipo kuchapa matiresi sikungakachotse. Mphere imakonda malo obisika: pakati pa zala za m'manja, polumikizira dzanja ndi mkono, m'khwapa, pamchombo, m'chiuno, m'matako ndi kumaliseche. Kuyabwa kwake kumakula usiku, monga kwa nsikidzi, koma sikusiya ngakhale mutakagona kwina, ndipo pang'onopang'ono kumagwira onse a m'nyumba. Imeneyi ndi ya kuchipatala, ndipo mankhwala opaka amayenera kupakidwa ndi banja lonse nthawi imodzi. Nsabwe za m'zovala nazo zimaluma pansi pa malaya, ndipo mazira ake amapezeka m'misoko ya zovala, osati ya matiresi.

Pali ziwiri zofunika kusamala nazo. Matuza ondandalika mbali imodzi yokha ya thupi, owawa ngati moto kuposa kuyabwa, akhoza kukhala mashingozi, ndipo afunika chipatala msanga. Komanso m'nyumba zadothi za madera ena muli nkhufi, zimene zimabisala m'ming'alu n'kuluma usiku ngati nsikidzi, koma izo zimatha kupatsira matenda otenthetsa thupi mobwerezabwereza. Nsikidzi pazokha sizitenthetsa thupi. Wolumidwa akatentha thupi apite akayezetse, kuyambira ndi malungo. Chimodzimodzi ngati pokandapo patupa, pakutentha kapena pakutuluka mafinya.

Tiyerekeze banja lina mumzinda. Mtsikana wabwera kutchuthi kuchokera kusukulu yogonera komweko, ndipo akugona bedi limodzi ndi mng'ono wake. Patatha masabata awiri, wamng'onoyo wayamba kudzuka ndi totupa pakhosi ndi pamkono wamanja, mbali imene amagonera kukhoma. Mkulu wake alibe kalikonse. Mayi akuganiza za mphere, koma atayang'ana pakati pa zala ndi m'chiuno apeza kuti khungu lili bwinobwino. Akakolo nawo ali bwino, ndipo pakhomo palibe galu kapena mphaka, choncho nthata zachoka pamndandanda. Neti ilibe chiboo. Mwanayo atakagona kwa azakhali ake masiku anayi, totupa tatsopano tinangotuluka tsiku loyamba n'kusiya, atabwerera tinayambiranso. Zonsezi zikuloza bedi, koma palibe chimene chagwidwa.

Mayi atenga tochi. Pamwamba pa matiresi palibe kanthu, msoko wa kumiyendo ndi woyera. Pangodya ya kumutu, mbali ya khoma, atapinda kalamba apeza timadontho takuda tounjikana, ndipo kansalu konyowa katuluka ndi mkwasa wofiirira. Pambali pake pali timakoko ting'onoting'ono ndi mazira omatirira. Makoko aakulu palibe. Matabwa a bedi ndi oyera, ngodya za neti ndi zoyera, bedi la makolo ndi loyera. Kenako atsegula chikwama cha kusukulu chimene chakhala pansi pa bedi chibwerere mtsikana uja, ndipo m'mphepete mwa zipi apeza madontho omwewo. Nkhani yonse yawerengeka: zinabwera ndi chikwama, zakhala masabata ochepa, ndipo sizinafalikire. Mtsikana wamkulu uja wakhala akulumidwa teremu yonse osadziwa. Palibe chifukwa chomukalipira kapena kuchita manyazi, pakuti nsikidzi siyang'ana ukhondo. Mu 2023 mzinda wa Paris unatekeseka nazo, nkhani yake n'kufika mpaka ku nyumba ya malamulo ya dziko la France. Zimayenda ndi katundu: zikwama, zofunda za pakaunjika, mipando ndi matiresi ogula kwa ena.

Chimene banjali lichite tsiku lomwelo ndi chosafuna ndalama zambiri. Nsikidzi ndi mazira ake zimafa ndi kutentha, choncho zofunda, zovala ndi chikwama zinyikidwe m'madzi otentha osachepera madigiri 60, ndipo zouma zisitidwe motsatira misoko. Msoko wa matiresi ukwechedwe ndi burashi yolimba kuti mazira amatuke, ali panja, kenako upsitidwe ndi simbi yotentha pamwamba pa kansalu konyowa kuti nthunzi ilowe, mosamala kuti siponji isasungunuke. Polumikizira matabwa a bedi pathiridwe madzi owira. Kuyanika matiresi padzuwa, kumene tonse tinakula tikuchita, kumathandiza pang'ono chabe, chifukwa pamwamba pakatentha nsikidzi zimathawira pansi pozizira. Bedi lichoke kukhoma, zofunda zisagunde pansi. Ana asasamukire chipinda china, chifukwa nsikidzi zotsala zidzawalondola kumeneko, ndipo kuchisiya chipinda chopanda munthu sikuzipha msanga, zimapirira njala miyezi ingapo.

Petulo ndi palafini pamatiresi ndi ngozi ya moto. Mapiritsi osungira chimanga, aja otulutsa mpweya wapoizoni, asalowe m'chipinda chogona zivute zitani. Apha anthu, makamaka ana, m'maiko angapo pamene anthu ankafuna kupha nawo nsikidzi.

Popeza mazira ophonyeka amaswa pasanathe masiku 10, msoko uja uyang'anidwenso sabata iliyonse kwa mwezi ndi theka. Pukutani madontho akale, kapena muwazungulize ndi cholembera, kuti atsopano adziwike. Yalani nsalu yoyera, chifukwa pachitenje chamaluwamaluwa dontho silioneka. Ngati madontho atsopano akupitirira kuoneka, kapena mwawapeza m'khoma ndi m'zipinda zina, itanani odziwa kupopera, ndipo muwafunse ngati adzabweranso kachiwiri pakatha masabata awiri, chifukwa mankhwala ambiri sapha mazira.